Thandizo Likachepa Pakati pa Chaka

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo la USAID, ndipo mabungwe ambiri m'Malaŵi anakakamizika kulembanso bajeti chaka chili pakati.

Tiyerekeze bungwe la alimi ang'onoang'ono a tiyi ku Thyolo lomwe linalonjezedwa K60 miliyoni. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, opereka thandizo atsitsa ndalamazo kufika pa K45 miliyoni. Msungichuma wopupuluma amangodula gawo limodzi mwa magawo anayi pa ntchito iliyonse. Uku n'kulakwa, pakuti ndalama yodyedwa kale sidulika.

Wanzeru amayamba waŵerenga zimene zatuluka. Ngati K32 miliyoni inagwiritsidwa kale ntchito, ndipo K5 miliyoni ndi ngongole ya feteleza amene anafika kale, ndiye kuti yatsala K8 miliyoni yokha. M'dongosolo lakale ikanatsala K23 miliyoni.

Tsono podula ayenera kutsata nyengo. Mbande za tiyi zili ku nazale sizingadikire. Zikaleka kuthiriridwa mu Okutobala zimauma, ndipo ndalama zonse zimene zinaloŵapo zimapita pachabe. Koma misonkhano ndi alawansi zikhoza kuima osapha kanthu. Akaganiza zochotsa antchito, aŵerengeretu malipiro a notisi ndi ena amene lamulo limafuna, popeza nakonso kuchotsa munthu kumadya ndalama.

Pomaliza, bajeti yatsopanoyo iperekedwe kwa eni thandizo, ndipo avomereze polemba kalata. Chilolezo chapakamwa sichimveka tsiku lofufuza mabuku.