Sistema di Interscambio: invoisi zoyamba zadutsa ku bungwe la misonkho ku Italy

Sistema di Interscambio, mwachidule SdI, ndi makina apakompyuta a bungwe lotolera misonkho la dziko la Italy lotchedwa Agenzia delle Entrate. Invoisi zimene amalonda a m'dzikolo amalembera anzawo zimayamba zadutsa m'makinawa zisanafike kwa wogula. Wogulitsa amatumiza invoisi ku SdI, makinawo amaiunika, ndipo ikakhala bwino ndi pamene amaipititsa kwa mwiniwake. Invoisi imene sinadutse njira imeneyi lamulo limaitenga ngati sinalembedwe n'komwe, ngakhale wogula ali nayo pamanja.

Chifukwa chake

Gwero la nkhaniyi ndi msonkho wa VAT. Wamalonda akagula katundu amalipira VAT kwa womugulitsa, ndipo akagulitsa amatolera VAT kwa womugula. Ku boma amapereka yotsala akachotsera imene analipira kale. Umboni wa ndalama yochotserayo ndi invoisi, choncho pepala limeneli lili ngati ndalama. Kale wogula ankatha kuonetsa invoisi n'kuchotsera msonkho, pamene wogulitsa wabisa yake osaulula chilichonse. Boma linkazindikira patapita miyezi kapena zaka, mwinanso osazindikira n'komwe. Malinga ndi malipoti a European Commission, mu 2018 Italy inalephera kutolera VAT yokwana pafupifupi mayuro 35 biliyoni, kuposa dziko lina lililonse la mu European Union.

Njirayi sinayambire ku Ulaya. Chile, Brazil ndi Mexico ndi amene anatsogola. Italy inayamba ndi makampani ogulitsa zinthu ku maunduna a boma pa 6 Juni 2014, kenako ku maofesi onse a boma pa 31 Malichi 2015. Pa 1 Januwale 2019 lamulo linakhudza malonda a pakati pa makampani ndi anthu wamba, ndipo amalonda ang'onoang'ono amene anali atasiyidwa analowa onse pofika 1 Januwale 2024.

Mmene invoisi imayendera

Tiyerekeze kuti fakitale ya matailosi ku Sassuolo yagulitsa katundu wa mayuro 1,000 kwa sitolo ina ku Bari. VAT ya katundu wamba ku Italy ndi 22 peresenti, ndiye msonkho ndi mayuro 220 ndipo zonse pamodzi ndi 1,220. Fakitaleyo ili ndi masiku 12 oti itumize invoisi. Siitumiza ngati chithunzi kapena PDF. Imakhala fayilo ya XML yolembedwa m'ndondomeko yotchedwa FatturaPA, momwe chilichonse chili ndi malo ake: nambala ya VAT ya wogulitsa ndi ya wogula, tsiku, nambala ya invoisi, mtengo ndi msonkho. Mulinso adiresi ya zilembo zisanu ndi ziwiri youza SdI kumene ikatule fayiloyo. Ngati wogula ndi munthu wamba wopanda adiresi yotere, palembedwa 0000000.

Tsono tinene kuti kalaliki walakwitsa nambala imodzi polemba nambala ya VAT ya sitolo ya ku Bari. SdI ikayang'ana m'kaundula wa okhoma misonkho siipeza nambalayo, ndipo imabweza lisiti lokana lokhala ndi chizindikiro 00305. Chizindikiro chilichonse chili ndi tanthauzo lake: 00404 ikusonyeza kuti invoisi yomweyo inatumizidwa kale, pamene 00421 ikusonyeza kuti msonkho sukugwirizana ndi mtengo, monga kulemba 200 pamalo pa 220. Yankho limabwera msanga nthawi zambiri, koma lamulo limalola makinawo kutenga mpaka masiku asanu.

Apa ndi pamene amalonda ambiri amapunthwa. Invoisi yokanidwa siifika ku Bari, ndipo ngati ku Sassuolo palibe amene akuyang'ana malisiti obwera, fakitale imangoganiza kuti zonse zayenda. Imadzadabwa kuti ndalama sizikubwera, kuimba foni n'kumva kuti sitolo sinalandire kanthu. Chikhalirecho panali masiku asanu okha oti ikonze cholakwikacho ndi kutumizanso, nambala ndi tsiku zikhale zomwezo. Masikuwo akadutsa, invoisi imaoneka yochedwa ndipo pamakhala chindapusa.

Palinso lisiti lina limene anthu amalisokoneza ndi lokana. Invoisi ikhoza kukhala yabwinobwino koma SdI n'kulephera kuitula, mwina chifukwa bokosi la wogula ladzaza. Pamenepo invoisi yavomerezedwa, ndipo imasungidwa pa tsamba la Fatture e Corrispettivi. Wogulitsa amangoyenera kuuza wogula kuti akaitenge kumeneko. Akaitumizanso, amalandira 00404.

Invoisi ikangovomerezedwa, siifufutika. Fakitale ikazindikira kuti inalemba matailosi ochuluka kuposa amene inatumiza, iyenera kulemba chikalata china chochotsera mtengo, cha mtundu wa TD04, chimenenso chimadutsa ku SdI.

Zimene makinawa saona

Mawu akuti "kuvomereza" amasocheretsa. SdI imaunika maonekedwe a invoisi ndi masamu ake basi. Siidziwa ngati matailosi anakweradi lole, kapena ngati fakitaleyo ilipo kupatula papepala. Kampani yabodza yokhala ndi nambala ya VAT yolembetsedwa bwino ikhoza kutumiza invoisi ya katundu amene kulibe, ndipo idzadutsa mosavuta. Kampani zoterezi ku Italy amazitcha cartiere, ndipo sizinathe mu 2019.

Chimene chinasinthadi n'chakuti wogulitsa ndi wogula sangakhalenso ndi mabuku otsutsana, popeza onse akugwiritsa ntchito fayilo imodzi imene boma lili nayo kale. Kampani imene ikutulutsa invoisi za mamiliyoni koma osapereka msonkho imaoneka msanga. Koma pamene wogulitsa ndi wogula agwirizana kuti asalembe kanthu, monga mmisiri wokonza mipope amene walipidwa ndalama pamanja, SdI ilibe choti iunike.

N'chifukwa chake ziwerengero ziyenera kuwerengedwa mosamala. Lipoti la European Commission la 2023 linati mu 2021 VAT yosatoleredwa ku Italy inatsika kufika pansi pa mayuro 15 biliyoni. Kutsikako n'kwakukulu, koma si konse kochokera ku SdI. M'zaka zomwezo mliri wa Covid-19 unachititsa anthu ambiri kulipira ndi makadi, ndipo boma linkabweza ndalama kwa okonzetsa nyumba amene anali ndi invoisi.

Nkhani ina ndi ya chinsinsi. Invoisi imanena zimene munthu wagula, ndipo mu Novembala 2018 bungwe loteteza chinsinsi cha anthu ku Italy linadzudzula kuchuluka kwa zimene boma likanasunga. Invoisi za madokotala zopita kwa odwala zinaletsedwa kudutsa ku SdI.

Mmene zilili pano

Mu Malichi 2025 European Union inavomereza malamulo otchedwa ViDA, amene amalola dziko lililonse la m'bungweli kukakamiza invoisi zapakompyuta popanda kupempha chilolezo chapadera monga inachitira Italy. Kuyambira Julayi 2030 malonda a pakati pa mayikowo adzafunikanso kunenedwa pakompyuta. Si onse akutengera Italy ndendende. Poland inasankha makina amodzi a boma otchedwa KSeF, pamene France inasankha kuti invoisi zizidutsa m'makampani ovomerezedwa ndi boma.

Kuno ku Malawi, makina a EFD amene MRA inayambitsa mu 2014 anali osiyana ndi SdI, chifukwa lisiti linkatuluka n'kupita kwa wogula pomwepo, osadikira yankho la boma. Kusiyana kumeneku kumaonekera magetsi kapena netiweki zikathima. Ku Italy katundu amatha kunyamuka invoisi isanatumizidwe, chifukwa cha masiku 12 aja, ndipo kauntala ya sitolo ili ndi malisiti ake osiyana ndi invoisi. Dziko limene lingafune kuti lisiti lililonse liyambe lavomerezedwa liyenera kufotokoza m'lamulo chimene wogulitsa achite netiweki ikasowa, komanso masiku amene ali nawo oti atumize zotsalira.