Mau a munthu safuna sitiliyo

Anyamata ambili amene ajambula nkhani ndi mauthenga a malonda muno mu Kalikiliki aganiza kuti sitiliyo ndiye ya pamwamba, mono ni ya azigogo. Ine nikana. Ngati cimene mwajambula ni munthu akamba, cipangeni mono.

Sitiliyo ni njila ziwili za mau, ya kumanzele na ya kumanja. Mono ni imodzi cabe. Pa nyimbo sitiliyo imveka bwino, gitala uku, kiyibodi uko. Koma munthu ali na kamwa imodzi, ndipo mafoni ochipa amene tigwila ambili a ife ali na kasipika kamodzi. Foni yotele itenga njila ziwili zija na kuziphatikiza yokha. Apa ndiye payambila mavuto.

Tinene kuti mwajambula ulaliki ku chechi. Mwatenga mau kucokela pa mikisa, pa pulagi ya XLR ija ya mano atatu, na kuwaloŵetsa mu kamela na nthambo yothela ku kajeki ka sitiliyo. Pulagi ija itumiza mau amodzi-modzi kaŵili, koma ena ni otembenuzidwa: apa funde likwela, apo litsika. Nthambo yolakwika iika oyamba kumanzele, otembenuzidwa kumanja. Mu mahedifoni simuzadziŵa msanga, cifukwa khutu lililonse limvela zake. Mau angomveka monga ali mbwee, alibe pakati. Manje tumizani pa WhatsApp. Foni ikaphatikiza, kukwela na kutsika zifafanizana, abusa asoŵa, kwatsala cabe kaphokoso. Anthu azakamba kuti foni yafa, pamene foni ilibe mlandu.

Kukonza kwake sikuvuta. Mu Audacity, pa dzina la thilaki sankhani `Split Stereo to Mono`, fafanizani imodzi, sungani inayo. Osayamba na `Mix Stereo Down to Mono` pa vuto ili, cifukwa muzapha mau na manja anu. Lamulo ilo ni la pamene njila zonse zili bwino, monga ngati ofunsa ali kumanzele, oyankha kumanja. Izonso ziphatikizeni. Aŵili ogaŵana mahedifoni mu minibasi yopita mu tauni, wina azamvela mafunso okha, mnzake mayankho okha.

Palinso nkhani ya mabandulo. MP3 ya mphindi 10 pa 128 kbps ikwana pafupi 9.6 MB. Mono pa 64 kbps ni 4.8 MB, ndipo pa mau a munthu khutu silidandaula.

Oimba nyimbo, sitiliyo yanu sungani, siniletsa. Koma mukalibe kutumiza, imveleni pa kafoni ka sipika imodzi, panja, pamene pali congo ca mseu. Ngati mau a oimba acepa kapena kolasi yathaŵa, cepetsani zija zotambasula mau mwaikako, muyesenso.