Wogulitsa Alembe Zoona, Asiye Matamando

Aliyense amene amawerenga malonda olengezedwa m'manyuzipepala kapena okhomedwa pa zitseko za maofesi adakumanapo ndi mawu awa: "Ikugulitsidwa galimoto yabwino koposa, yodabwitsa, ya zipangizo zenizeni." Mawu otere sauza wogula kanthu, pakuti ngakhale mwini galimoto yotheratu angathe kuwalemba. Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kalaliki amene wasunga ndalama zaka zambiri kuti agule galimoto sayenera kutaya thukuta lake chifukwa cha matamando. Chimene iye akufuna ndi mfundo zimene angathe kuzitsimikiza ndi maso ake. Motero chilengezo choona chiyenera kumveka chonchi: "Toyota Corolla ya 2012, yayenda makilomita 148,000, buku la umwini lili m'dzina la wogulitsa, inshuwalansi ithera mu Disembala, malisiti a kugalaja alipo, chitseko chakumbuyo chakumanzere n'chopindika."

Mfundo iliyonse pamenepa ili ndi poiyesera. Wogula ayerekeze nambala ya chasisi yodindidwa pa galimotoyo ndi imene yalembedwa m'buku la umwini, ndipo dzina la m'bukumo lifanane ndi la pa chitupa cha wogulitsa. Zikasiyana, malonda athere pomwepo.

Komabe nambala nazonso zimanamizidwa. Mita yowerenga makilomita ena amaibweza m'mbuyo, ndipo n'chifukwa chake malisiti ali ofunika. Makaniko ambiri amalemba tsiku ndi makilomita posintha oyilo. Ngati lisiti la chaka cha 2022 likunena makilomita 160,000 pamene mita lero ikuonetsa 148,000, bodza lagwidwa popanda mkangano, chifukwa galimoto siyenda chobwerera m'mbuyo pa mita.

Mawu akuti "zenizeni" ndiwo apusitsa anthu ambiri. Amene akuti adaikamo chipangizo chenicheni atchule chipangizocho ndi tsiku limene adachigula, ndipo aonetse lisiti. Amene akuti matayala ndi atsopano adziwe kuti tayala limanena lokha msinkhu wake: m'mbali mwake muli manambala anayi, ndipo 2321 atanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2021.

Ena adzati kutchula chitseko chopindika n'kuthamangitsa ogula. Ayi ndithu. Wogula adzachiona ndithu tsiku lodzayendera galimotoyo, ndipo akapeza kuti chidabisidwa adzakayika zonse zotsala, ngakhale zoona zomwe. Koma akachiwerenga m'chilengezo, amabwera atadziwa kale, ndipo zokambirana zimakhala za mtengo basi.

Choncho wogulitsa asanapereke chilengezo chake, ayese liwu lililonse ndi funso limodzi: kodi wogula angalitsimikize bwanji? Liwu lopanda yankho lichotsedwe, ndipo m'malo mwake mulowe chaka, nambala kapena lisiti.