Umboni wa wantchito usagone m'nyumba ya bwana

Mtsikana wa ku Bembeke akalembedwa ntchito ya m'nyumba pa boma la Dedza kapena ku Lilongwe, amagona kumpanda kwa yemwe amamulipira. Tsiku limene bambo wa pakhomopo amugwira bere kukhitchini, kapena kugogoda kuchipinda chake usiku, mboni sikhalapo. Akangoyerekeza kuuza mayi, mawa lake amapezeka wathamangitsidwa, ati waba chitenje kapena ndalama. Ku polisi amafikako ngati mbava, osati wodandaula. Zimenezi zimandiwawa, ndipo n'chifukwa chake ndikuti umboni uzituluka m'nyumbamo tsiku lomwelo.

Mchemwali wanga, lembani m'kope tsiku, nthawi, chipinda, mawu enieni amene bwana ananena, pamene anakugwirani, ndi amene anali pakhomo. Musalembe kuti “amandivutitsa”, chifukwa mawu otere wapolisi sangagwire nawo ntchito. Lembani kuti Lachiwiri m'mawa mayi atapita kumsika, bambo analowa mukuchapa nanena zakutizakuti. Kopelo lisakhale m'chikwama chanu, poti chikwama ndicho amayamba kusecha. Lisungitseni kwa mnzanu wa mumpingo. Ngati simudziwa kulemba, uzani munthu yemweyo tsiku lomwelo akulembereni. Mauthenga a pa foni musafufute, atumizeni kwa m'bale, chifukwa foni amalanda. Lembaninso malipiro onse amene mwalandira ndi amene akusungirani.

Ngati wakugwiririrani, musasambe, musachape zovala. Pitani kuchipatala cha boma msanga. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo lipoti la chipatala ndi limene khoti limalidalira kwambiri. Ku polisi funsani ofesi ya Victim Support Unit. Nambala za 5600 ndi 116 n'zaulere, ya 116 makamaka ya ana. Za malipiro obedwa ndi kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo pitani nazo ku ofesi ya leba ya boma.

Lamulo lilipo. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa kuvutitsa munthu pa zakugonana, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende. Chomwe chimapha milandu ndi ife achibale. Malume amabwera kuchokera ku Linthipe, bwana amawapatsa ya thiransipoti ndi thumba la feteleza, nkhani n'kuthera pakhonde kuti “tisachititse manyazi akuluakulu”. Kumeneko n'kugulitsa mwana. Mlandu wogwiririra si wa ankhoswe kapena wa bwalo la mfumu, ndi wa polisi ndi khoti.

Inu makolo a ku Mayani ndi ku Lobi, mwana asanakwere minibasi dziwani dzina la bwana ndi komwe kuli nyumbayo, ndipo akhale ndi nambala ya munthu wa kunja kwa mpanda. Akakuimbirani akulira, musamuuze kuti apirire mpaka mwezi uthe. Mukamutenge tsiku lomwelo.