Chithunzi cha kiyi ya mapu sichikwanira

Anzanga a Fomu 4, ambirife tikumajambula kiyi ya mapu a jogirafe pa foni n'kukopera mu kope mawu okhaokha: mtsinje, njira, tchalitchi. Ine ndikuti mndandanda woterewu ngwachabe. Pamapu a mayeso mudzaona chizindikiro, osati dzina lake.

Chizindikiro chilichonse chilembedwe mtundu ndi maonekedwe ake, tanthauzo pambuyo. Mwachitsanzo: mzere wabuluu wokhotakhota, mtsinje. Mzere wakuda wodukaduka, njira ya miyendo. Mizere yabulauni yokhala ndi manambala, makontuwa. Osaiwala mtunduwo, chifukwa ukapanga fotokope yakuda, mtsinje ndi kontuwa zimangofanana ngati mapasa.

Koma pamene ndimakangana ndi anthu m'pa sikelo. Ena amaika rula pagalasi la foni kuyeza kamzere ka sikelo kaja. Iyayi, anzanga! Chithunzi chimakula ndi kuchepa ukachikoka ndi zala, ndiye sentimita ya pafoni si ya papepala. Lembani 1:50,000 momwe ilili, ndipo muwerenge maziro kawiri, poti chithunzi chikachita mbuu ziro imodzi imatha kusowa. Pansi pake masulirani: sentimita 1 ndi masentimita 50,000, omwe ndi mamita 500. Choncho masentimita 2 ndi kilomita 1, ndipo msewu wa masentimita 7 papepala ndi makilomita 3.5.

Kamawu konena kutalikirana kwa makontuwa kamakhala kakang'ono m'mphepete, ndiye ojambula amakonda kukadula. Kalembeninso, musonyeze ngati ndi mamita kapena mafiti.