Kutsutsa mnzako pa nkhani ya mafuta sikudya chibanzi

Mtengo wa mafuta a galimoto ukangokwera, m'minibasi mumasanduka bwalo la milandu. Wina amayamba ndi mawu akuti "atibera," anzake n'kuvomereza, ndipo munthu amene angayerekeze kunena kuti nkhaniyi ili ndi mbali inanso amafunsidwa nthawi yomweyo kuti ndi wa chipani chanji, kapena wadya chibanzi cha ndani. Ambiri amene akudziwa kanthu amangosankha kutseka pakamwa mpaka atatsika. Ine ndikuti kukhala chete kotereku kukutipweteka, ndipo njira yotsutsira mnzako mwaulemu pa nkhaniyi ilipo. Njirayo ndi kugawa mtengo wa lita imodzi m'zigawo zake, kenaka n'kutsutsana pa chigawo chimodzi, osati pa munthu.

Titenge zimene zinachitika mu Novembala 2023. Banki yayikulu ya dziko lino inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, moti dola imodzi imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 inayamba kugulidwa K1,700. Patangopita masiku ochepa, bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734. Petulo ndiye kuti anakwera ndi K784, pafupifupi 45 peresenti. Mukaika manambala awiriwo pafupi, 44 ndi 45, muona kuti akuyenda limodzi ngati ng'ombe za pagoli. Pafupifupi mafuta onse amene timagwiritsa ntchito amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, amatsitsidwa pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, n'kubwera kuno pa mathanki ndi pa njanji. Kwacha ikagwa, lita yomweyo ija imafuna makwacha ambiri ngakhale mtengo wake kunjako usanasunthe.

Tsopano tinene kuti bambo wina wa kabaza wa njinga yamoto wadandaula kuti boma langoganiza zomukhaulitsa. Iyeyu ngati amathira malita atatu patsiku, ankatulutsa K5,238, ndipo tsiku lotsatira anayamba kutulutsa K7,590. Ndalama zokwana K2,352 zachoka pa ndiwo za ana ake tsiku lililonse. Munthu amene ayamba kumuyankha ndi mawu akuti "simukudziwa zachuma inu" walakwa kale, ngakhale manambala ake atakhala oona, chifukwa wakana chinthu chimene mnzakeyo akuchimva m'thumba. Woyankha bwino amayamba ndi kuvomera zimene zili zoona: "Zoonadi achimwene, zawawa, ndalama imeneyo si yamasewera. Koma ine ndikuona ngati ulendo uno vuto layambira pa kwacha. Tawonani, dola yakwera ndi 44, petulo ndi 45. Kapena inu mukuziona bwanji?" M'mawu ochepawo muli ulemu, muli umboni umodzi woti aliyense angathe kuutsimikiza, ndiponso muli khomo lotseguka loti mnzakoyo ayankhe asanachite manyazi. Palibe pamene wanenedwa kuti ndi mbuli, ndipo palibe dzina la chipani limene latchulidwa.

Ena anena kuti ulemu woterewu ndi wothandiza olamula, kuti munthu wanjala sauzidwa kuti alankhule mofatsa. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo sindikuipeputsa. Mkwiyo wa anthu pa nkhani ya mafuta unagwedezapo dziko lino: kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kunali m'gulu la madandaulo a zionetsero za pa 20 Julayi 2011, pamene anthu pafupifupi 20 anataya miyoyo. Koma taonani kumene mkwiyo wa m'minibasi umathera. Umathera pa kondakitala amene wakweza mtengo wa ulendo, pa mtsikana wothira mafuta pa pampu, ndi pa mnzako wokhala naye mpando umodzi. Onsewa sakhala nawo pa tebulo pamene mtengo ukukonzedwa. Kugawa mtengo m'zigawo ndiye kumene kumaloza amene ayenera kuyankha. Mtengo wa pa msika wa dziko lonse lapansi suli m'manja mwa aliyense ku Lilongwe. Koma pa lita iliyonse pali misonkho yoikidwa konkuno, monga wokonzera misewu ndi wopititsira magetsi kumidzi, ndipo kasamalidwe ka ndalama zakunja nako ndi ntchito ya boma. Munthu amene wafunsa kuti msonkho wa misewu ukupita kuti pamene msewu wa kwawo uli maenje okhaokha wafunsa funso lovuta kulizemba kuposa amene wangokuwa kuti "akuba."

Choncho wotsutsa mwaulemu samangotsutsa odandaula okha. Amatsutsanso mnzake wokonda boma amene amathamangira kunena kuti mafuta akwera dziko lonse lapansi. Nthawi zina zimakhaladi choncho, monga mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba. Koma pa kukwera kwa mu Novembala 2023, yankho laulemu kwa iyeyo ndi lomwe lija: tawonani tsiku limene kwacha inagwa ndi tsiku limene mtengo unasintha.

Pali mbali ina imene imayambitsa ndewu msanga, ndipo ndi imene imafuna lilime lofewa kwambiri. Anthu ambiri amakhulupirira kuti boma labwino ndi limene silikweza mafuta. Ndondomeko imene dziko lino linayamba kutsatira mu 2012 imati mtengo uziunikidwa mwezi ndi mwezi, ndipo uzisintha ngati ndalama zofikitsira mafuta m'dziko muno zasuntha kupitirira 5 peresenti. Palinso thumba lapadera loti lizitchinjiriza ogula pa kusintha kwakung'ono. Koma mtengo ukagwiridwa pansi kwa nthawi yaitali, thumbalo limauma, makampani oitanitsa mafuta amagulitsa moluza, ndipo ngongole imaunjikana. Chaka chonse cha 2024 petulo anakhala pa K2,530, koma kumapeto kwa chakacho, ndalama zakunja zitasowa, anthu ankagona pa mizere m'malo omwetsera mafuta, ena n'kumagula m'zigubu kwa mavenda pa mtengo woposa wa pa pampu kutalitali. Mtengo wa pa chikwangwani unali wotsika, koma wa kabaza amene wataya tsiku lonse pa mzere analipira ndithu. Kunena zimenezi sikuvomereza kukwera kulikonse. Ndi kukumbutsana chabe kuti walira mvula walira matope, ndipo tiyenera kukambirana kuti matope ake ndi ati amene tingawapirire.

Mwina wina ati manambala ndi a anthu ophunzira. Ayi ndithu. Mayi wogulitsa tomato ku Limbe amadziwa pamtima kuti dengu lake lakwera ndi zingati kuchokera ku Ntcheu, ndipo saphonya ngakhale kwacha imodzi. Chimene amadana nacho ndi kulankhulidwa ngati mwana. Nambala imodzi yonenedwa modekha amailandira, pamene manambala khumi onenedwa modzikweza amawabweza pamodzi ndi mwini wake. Ndipo mnzako akakana, palibe chifukwa chobwerezera kachitatu mokweza mawu. "Chabwino amayi, tasiyana maganizo pamenepo, koma pa nkhani ya msonkho wa misewu ndiye tili limodzi" ndi mawu okwanira kutsikira nawo pa siteji.

MERA ikadzalengezanso mtengo watsopano, inu awerengi, musanayankhe mnzanu fufuzani kaye zinthu ziwiri: dola ikugulidwa zingati ku banki, ndipo pa lita imodzi misonkho ikutenga zingati. Mukatero mutsutseni, koma mukumutchula kuti achimwene.