Ana a Julaye 2010 ndi makona a kumwamba

Okhulupirira nyenyezi amajambula pomwe mapulaneti anali tsiku lomwe munthu anabadwa, pa bwalo la madigiri 360, kenaka n'kuyeza makona ake, monga ankachitira Tolemi wa ku Alekizandiriya m'zaka za m'ma 100. Mapulaneti atatu akatalikirana madigiri 120 ngati mafuwa, amati girandi tiraini: mwiniwake ali ndi luso lobadwa nalo, koma poti zinthu zimamuyendera mosavuta, amachita mphwayi kulinola. Awiri akayang'anizana pa madigiri 180, wachitatu n'kukhala madigiri 90 kuchokera kwa aliyense, amati T-sikweya: mtima sukhazikika, ndipo kusakhazikikako ndiko kumamukankha kulimbikira, makamaka pa nkhani za pulaneti lachitatulo. Kumapeto kwa Julaye 2010, Satuni ndi Yurenasi anayang'anizana, Puluto ali pa kona. Mapulaneti amenewa amayenda pang'onopang'ono, choncho mwana aliyense wobadwa masabata amenewo pa chipatala cha Mitundu, ku Nathenje ngakhale ku Tokyo ali ndi T-sikweya yomweyo. Apa ndi pomwe ine ndimakanira. Mwa anawo alipo olimbikira sukulu, ena anaisiya chifukwa cha fizi, ena ndi ofatsa chabe. Owerenga nyenyezi amalolanso kuti kona iphonye ndi madigiri angapo, ndiye zojambulazi zimapezeka mwa anthu ambirimbiri. Shawn Carlson anawayesa, ndipo mu 1985 magazini ya Nature inasindikiza zotsatira zake: pofananiza zojambula ndi makhalidwe a eni ake, sanapose munthu wongolotera.

— Mlembi wanu wa ku Mitundu